Chithunzi Chimodzi, Madulidwe Angapo: Tisunge Chiti?

Nkhope ya Che Guevara ambiri timaidziwa ngakhale mbiri yake sitinaiwerengepo: kachipewa kokhala ndi nyenyezi, tsitsi lanyankhalala, maso akuyang'ana kutali. Imapezeka pamalaya a pa kaunjika ndi pazipewa za anyamata. Chithunzichi anajambula ndi Alberto Korda pa 5 Marichi 1960 mumzinda wa Havana ku Cuba, pamwambo wolira anthu amene anafa sitima yapamadzi ya La Coubre itaphulika padoko. Koma pafilimu ya Korda chithunzicho ndi chogona, ndipo Che sali yekha. Kumanzere kukusuzumira nkhope ya munthu wina, kumanja kuli masamba a kanjedza. Korda anadula mbali zonse ziwirizo n'kusiya chithunzi choimirira, cha munthu mmodzi ndi thambo lopanda kanthu kumbuyo kwake. Munthu wa kumanzere uja akanatsala, tikanaona mtsogoleri ataima pansanja pamodzi ndi anzake pamaliro, basi. Atachoka, panatsala nkhope yosasonyeza malo kapena tsiku, ndipo n'chifukwa chake inatheka kuyenda dziko lonse.

Wina angaganize kuti phunziro lake ndi lakuti tizidula mpaka nkhope idzaze chithunzi. Arnold Newman anachita zosiyana. Mu 1946 iye anajambula Igor Stravinsky, katswiri wopeka nyimbo, atakhala pa piyano ku New York. Atatsuka zithunzi zake, analemba mizere pachimodzi kusonyeza podula, ndipo anataya mbali yaikulu ya khoma ndi zonse za m'munsi. Chotsala chinali chodabwitsa: mwini chithunzi ali kangodya ka m'munsi kumanzere, mutu atatsamiritsa padzanja, pamene chivundikiro chakuda cha piyano chatenga pafupifupi malo onse, chikuoneka ngati chizindikiro cholembera nyimbo. Magazini ya Harper's Bazaar, imene inamutuma, inachikana. Lero ndi chimodzi mwa zithunzi zotchuka kwambiri za Newman.

Korda anakuza munthu, Newman anamuchepetsa, ndipo onse analondola. Palibe lamulo limodzi lotiuza podula. Chimene chilipo ndi njira yopezera malowo, ndipo njirayo ndi kuyerekeza. Diso la munthu likamayang'ana chithunzi chimodzi chokha limafulumira kuchizolowera, moti pakangopita kanthawi limavomereza chilichonse. Koma mukaliikira ziwiri pambalipambali, limaloza msanga chimene chili ndi mphamvu. Choncho ntchito yeniyeni ndi kutulutsa madulidwe angapo kuchokera m'chithunzi chimodzi, kuwapikisanitsa, n'kudziwa chifukwa chimene china chapambanira.

Agogo akupeta mphale

Tiyerekeze kuti mwapita kumudzi ndipo madzulo ena mwajambula agogo pafoni akupeta mphale pabwalo. Foni munaigwira chogona. Mafoni ambiri amatulutsa chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi; mapikiselo ndi timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi. Agogo aima pakati penipeni, akuyang'ana kumanja, lichero lili m'mwamba. Gaga akuuluka kulowera kumanja komweko, ndipo dzuwa lopendeka lamuwalitsa, moti akuoneka bwino chifukwa kumbuyo kwake kuli mitengo ya mango ya masamba oderapo. Kumanzere kuli nkhokwe, ndipo m'mphepete mwenimweni muli mwana amene walowa theka lokha, phewa limodzi ndi mwendo umodzi. Pangodya ya m'munsi kumanja pali ndowa yapulasitiki yabuluu. Pamwamba pa mango pali thambo loyera mbuu. Pamapazi pa agogo pali mtondo ndi munsi. Kumbuyo kwa mutu wawo, kutsogolo kwa mango, kwaima mtengo wa papaya.

Musanakhudze chilichonse, sungani chithunzi choyambacho mmene chilili. Mukadina Edit kenako Crop, mafoni ena posunga amakupatsani Save copy. Dinani pamenepo kuti chodulidwa chikhale chatsopano. Dulidwe lililonse lichokere ku chithunzi choyamba. Mukamadula chodulidwa kale, mumangopita mocheperachepera ndipo njira zina simuziyesanso.

Kenako nenani m'mawu ochepa kuti chithunzichi ndi cha chiyani. Ambiri amadumpha apa, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Chingakhale cha nkhope ya agogo, chingakhale cha ntchito yopeta, chingakhalenso cha pakhomo pamene pali chakudya chaka chino. Zitatuzi zimafuna madulidwe osiyana. Tinene kuti chimene chinakuchititsani kutulutsa foni m'thumba ndi gaga wowala uja ndi manja ozolowera ntchito.

Dulidwe loyamba limene dzanja limathamangira ndi la nkhope. Mumakoka ngodya zonse zinayi mpaka kutsale mutu ndi mapewa. Mwana, ndowa ndi thambo zonse zapita, ndipo poyamba zimasangalatsa. Koma taonani chotsalacho: mayi wachikulire amene wakwinya nkhope n'kutsinzina pang'ono, popanda chotiuza chifukwa chake. Iwo amatsinzina poopa gaga, koma gagayo mwamutaya, ndipo woona adzaganiza kuti akwiya kapena akudwala. Mikono yawo ikutuluka m'chithunzi kupita kumene sitikuona. Papaya uja, amene anali mtengo umodzi mwa zinthu zambiri, tsopano waonekera poyera ngati wamera pamutu pawo.

Lachiwiri ndi loimirira. Mumataya mbali zonse ziwiri, kusiya agogo athunthu kuyambira kuduku mpaka kumapazi, pamodzi ndi mtondo ndi munsi. Ili ndi dulidwe laulemu, ndipo likufotokoza ntchito bwino: akonola, tsopano akupeta. Vuto lake lili kumanja. Gaga wangochoka palichero n'kugunda m'mphepete mwa chithunzi. Chinthu choyenda, kaya ndi njinga, mpira, ngakhale maso a munthu amene akuyang'ana kumbali, chimafuna mpata kutsogolo kwake, chifukwa diso la woona limathamanga kutsogola kuti likaone kumene chikupita. Mpatawo ukasowa, chithunzi chimaoneka chopanikizika ngakhale woonayo sangafotokoze chavuta.

Lachitatu ndi logona, koma mutasuntha agogo. Simungawasunthe pabwalo paja, koma mungathe kusuntha malire. Dulani mapikiselo 1,000 kumanzere, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wonse. Mwana watheka uja ndi nkhokwe zachoka, ndipo agogo, amene anali pakati, tsopano ali chakumanzere, pamzere woyamba mwa mizere iwiri yoimirira imene foni imaonetsa podula. Mizere imeneyi imagawa chithunzi patatu, ndipo ojambula ambiri amaika chinthu chachikulu pa umodzi mwa iyo. Palibe matsenga pamzerewo. Ubwino wake pano ndi woti magawo awiri mwa atatu atsala kutsogolo kwa agogo, malo a gaga. Dulaninso 1,000 kumwamba kuti thambo loyera lichoke, pakuti diso limakopeka ndi malo owala kwambiri, ndipo thambolo limalanda kuwala kwa gaga. Mwatsala ndi 3,000 kwa 2,000, theka la chithunzi chonse, koma tsopano chowala kuposa zonse ndi chimene munafuna kuti chioneke.

Yatsala ndowa yabuluu, ndipo apa ndi pamene kuyerekeza kumaonetsa phindu lake. Pabwalo la dothi lofiirira ndi masamba oderapo, buluu wapulasitiki amakuwa. Mukaidula kuchokera kumanja, mwadya mpata wa gaga umene mwangoupeza. Mukaidula kuchokera pansi pang'ono chabe, mzere udutsa pa akakolo a agogo, ndipo munthu wodulidwa polumikizira mafupa, pakhosi, pachigongono, pabondo kapena pakakolo, amaoneka ngati wadulidwadi. Njira ina ndi kukweza bokosi lonse la dulidwe osasintha kukula kwake, mpaka mzere wapansi udutse pamwamba pa mawondo, koma kuima thambo lisanalowenso. Limeneli ndi dulidwe lachinayi. Ndowa yapita, koma yatenga mtondo, munsi ndi mapazi. M'malo mwake mwapeza mpata pamwamba, kumene gaga wina wakwera.

Tsopano muli ndi zithunzi ziwiri zosiyana pachinthu chimodzi chokha, kukwera ndi kutsika kwa bokosi, ndipo kuyerekeza kothandiza ndi kotere. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, mwina mudzakonda chotsatira chake, koma simudzadziwa chimene chathandiza. Ine pa ziwirizi ndingasankhe chachinayi, ngakhale mtondo ndimaumvera chisoni. Chifukwa changa ndi mawu aja munanena poyamba: gaga wowala ndi manja. Mtondo ukuwonjezera nkhani, koma ukubwera ndi ndowa, ndipo ndowayo ikutenga zambiri kuposa zimene mtondo ukupereka. Mkonzi wa nyuzipepa amene akulemba za zokolola angatsutse, n'kunena kuti abwezereni nkhokwe. Iyenso akulondola, pakuti chithunzi chake chikuyankha funso lina.

Kuziika pamodzi

Poweruza, musamatsegule chimodzichimodzi chodzaza sikirini yonse. Bwererani pamene zithunzi zimaoneka ting'onoting'ono zitandandalikana. Chithunzi chikachepa, zokongoletsa zimabisika ndipo kumatsala mafupa ake: powala, pakuda, ndi mmene zinthu zazikulu zakhalirana. Dulidwe lamphamvu limamvekabe lili laling'ono ngati chala chachikulu. Lofooka limasanduka chisokonezo. Kutsinzina pang'ono kumagwira ntchito yomweyo. Ena amatembenuza chithunzi chadodolido, kuti ubongo uleke kunena kuti awa ndi agogo anga, uyambe kuona ngati mbali ina yalemera kuposa inzake.

Pikisanitsani ziwiriziwiri. Chogonja chichoke, chopambana chikumane ndi chotsatira. Pachilichonse yendetsani diso m'mphepete monse munayi, pang'onopang'ono, chifukwa zolakwa za kudula zimabisala kumeneko: chala chimodzi cha munthu amene wachotsedwa, nsonga ya lichero imene yangokhudza malire, kachidutswa kowala pangodya. Chinthu chilowe chonse kapena chituluke moonekeratu kuti mwachita dala. Chongokhudza malire chimakoka diso kulitulutsa kunja.

Mukafunsa mnzanu, musamufunse kuti chabwino n'chiti, chifukwa adzayang'ana nkhope yanu n'kusankha chimene akuganiza kuti mukufuna. Muonetseni chimodzi mwachidule, mubise foni, mumufunse kuti waona chiyani. Akati waona agogo akupeta, gaga akuwala, dulidwelo lagwira. Akayamba ndi ndowa, mwamva. Ndipo ngati chithunzicho n'chofunika, chigonekeni. Maso amene akhala akusuntha malire kwa ola lathunthu satha kuweruza, koma m'mawa mwake amasankha mosavuta.

Njira imeneyi si ya mafoni okha. Kale ojambula ankadula makatoni awiri ooneka ngati chilembo cha L, n'kuwayang'anitsana pamwamba pa chithunzi chotsukidwa kuti apange bokosi lotha kukula ndi kuchepa. Ngati muli ndi chithunzi chapepala chimene mukufuna kuika m'felemu, makatoni awiriwo akadali chida chabwino, ndipo saononga kanthu.

Zimene kudula sikungakonze

Papaya uja akadali pamutu pa agogo m'madulidwe onse anayi. Kudula kumachotsa za m'mphepete zokha. Chimene chili kumbuyo kwa munthu chimatsala. Mankhwala ake anali pabwalo pomwe paja: phazi limodzi kumanzere kapena kumanja, mtengo ukanachoka pamutu, kapena kunjuta pang'ono kuti gaga yense agwere pamasamba akuda. Pachifukwa ichi kuyerekeza kwabwino kumayamba musanadine. Jambulani chogona ndi choimirira, chapafupi ndi chapatali, mutaima ndi mutanjuta, ndipo siyani kampata m'mphepete, chifukwa ngakhale kuwongola chithunzi chopendekeka kumadya ngodya zake.

Henri Cartier-Bresson wa ku France ankakhulupirira zimenezi kwambiri moti ankakana kuti zithunzi zake zidulidwe. Zambiri zinkatsukidwa ndi kamzere kakuda kozungulira, kosonyeza kuti filimu yathera pomwepo. Komabe chithunzi chake chotchuka cha 1932, cha munthu akudumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya Saint-Lazare ku Paris, n'chodulidwa kumanzere, chifukwa anajambulira pampata wa mpanda ndipo thabwa linatchinga mbali ina. Ngakhale iye anagonja pamene panalibe poima pena.

Pali malire ena olemera kuposa awa. Mu Januwale 2020, ku Davos m'dziko la Switzerland, atsikana asanu olimbikitsa zoteteza nyengo anajambulidwa ataima pamodzi, mmodzi mwa iwo Greta Thunberg. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linatulutsa chithunzicho chili ndi anthu anayi. Wodulidwa anali Vanessa Nakate wa ku Uganda, amene anaima kumapeto kumanzere, ndipo anali yekhayo wakuda pagulupo. Bungwelo linafotokoza kuti chinadulidwa chifukwa nyumba imene inali kumbuyo kwake inkasokoneza maonekedwe. Kumbuyo kwa enawo kunali mapiri. Pambuyo pake linapepesa. Mwina tikangoyang'ana mizere ndi kuwala, chodulidwacho chinalidi chaudongo. Koma chinanena zimene sizinachitike, kuti pamsonkhanowo panaima azungu okhaokha. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mfundo imene anagwiritsa ntchito ndi yomweyo tachotsera ndowa. Kusiyana kwake n'kwakuti ndowa sinali mbali ya zimene zinkachitika, pamene Nakate anali mmodzi wa eni nkhani. Pachithunzi cha ukwati, cha msonkhano wa mpingo kapena cha ngozi, musanasunge dulidwe lokongola dzifunseni ngati munthu amene analipo angavomereze kuti zinalidi chonchi. Ankhoswe amene anaima kumapeto sachotsedwa chifukwa choti kumbuyo kwawo kuli khoma losapaka laimu.

Kumene chithunzi chikupita

Dulidwe lopambana pafoni likhoza kugonja papepala, ndipo chifukwa chake ndi masamu osavuta. Kuti chithunzi chogwira m'manja chituluke chakuthwa, pamafunika mapikiselo pafupifupi 120 pa sentimita iliyonse, amene osindikiza amati 300 pa inchi. Ndiye gawani mapikiselo anu ndi 120. Dulidwe lathu la 3,000 kwa 2,000 lifika masentimita 25 kwa 17 lisanayambe kufooka. La nkhope lija, ngati linatsala ndi 900 kwa 1,200, malire ake ndi masentimita 7.5 kwa 10. Mukalikokera papepala la A4, makwinya a agogo adzasungunuka ndipo m'mphepete mwa duku mudzaoneka timasitepe. Chopachika pakhoma chimakhululukidwa pang'ono poti chimaonedwa chapatali, koma chizindikiro chimakhalapo musanatsukitse: kuzani chithunzi pasikirini, ndipo ngati nsidze zikuoneka ngati zopaka ndi chala, mwadula mopitirira. Kumbukiraninso kuti chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafika chitachepetsedwa kale. Chofuna kudulidwa kapena kutsukidwa chitumizidwe ngati Document, kuti chifike ndi mapikiselo ake onse.

Kenako pali maonekedwe a malo amene chikakhale. Pa Status pamafuna choimirira chachitali, 9:16. Kuchokera m'chithunzi chathu chogona, bokosi lotero limatenga mapikiselo osakwana 1,700 mwa 4,000 aja, ndipo zoposa theka zimatayika. Pamenepo dulidwe lachiwiri, limene linagonja, ndi limene lili pafupi kupambana, monganso pachikuto cha magazini, pamene thambo lopanda kanthu limasanduka malo olembapo dzina. Chithunzi chimodzi chikhoza kukhala ndi opambana awiri, wina wa pakhoma, wina wa pafoni.

Ku situdiyo n'kumene ambiri amadabwa. Chithunzi cha foni chimakhala 4:3, pamene pepala lofala la masentimita 10 kwa 15 ndi 3:2, lowonda pang'ono. Kuti chithunzi chidzaze pepalalo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9 a msinkhu wake liyenera kuchoka, ndipo makina akasiyidwa okha amangodula mofanana pamwamba ndi pansi. Ndiko kumachokera zithunzi za mkwati wopanda nsonga ya chophimba kumutu ndi mwana wopanda nsapato. Pepala la 13 kwa 18 ndi la 20 kwa 25 alinso ndi maonekedwe awoawo, moti dulidwe lokwana pa lina silikwana pa linzake. Choncho funsani kaye kukula kwa pepala kapena kwa felemu, sankhani manambala ake pansi pa Crop, 3:2 wa pepala laling'ono lija kapena 5:4 wa 20 kwa 25, ndipo yerekezani madulidwe anu mkati mwa bokosi limenelo. Siyani kampata kochepa m'mphepete, pakuti makina ndi mlomo wa felemu zimabisa mamilimita angapo. Mukakonda dulidwe losagwirizana ndi pepala lililonse, uzani wotsukayo kuti alowetse chithunzi chonse n'kusiya mizere yoyera m'mbali, ndipo muone pasikirini yake mmene chikhalire asanatumize ku makina.